Dzanja la Abambo pa Khadi la Mzime

Kwathu ku Lizulu ukafunsa za abambo anga, anthu sayamba ndi zoti anali aphunzitsi. Amati, "Aja olemba bwino aja?" Ndipo kulemba ankalembadi, abale. Anali ndi peni ya inki ya nibu yofewa, kansonga kachitsulo kolembera kaja, yomwe potsika inkasiya mzere wonenepa, pokwera n'kusiya kamzere kopyapyala ngati tsitsi. Zilembo zawo zonse zinkaweramira kutsogolo mofanana, popanda china chodzuka kapena chogona kuposa chinzake. Anthu ankabwera ndi mabaibulo atsopano kuti awalembere dzina patsamba loyamba, ena mpaka ochokera tsidya la msewu, ku Mozambique.

Ine ndiye ndinali manyazi awo. Mwa ana awo atatu, tonse aakazi, ine wapakati ndi amene ndinkalemba ngati nkhuku yapalasa padzala. Ankandiphunzitsa okha sitandade folo, ndipo kope langa linkabwerako lofiira psuu. Tsiku lina anangolitseka n'kunena kuti, "Iwe basi, ndakulephera." Koma paja ukaipa dziwa nyimbo. Ndinakaphunzira kutaipa, kenako kompyuta, ndipo nditakwatiwa ndinatsegula kashopu pa boma pa Ntcheu, kufupi ndi pomwe amaima a kabaza. Ndimapanga makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, kukonza zithunzi zakale zomwe zadyedwa ndi chinyezi, ndi fotokope. Abambo ankati ntchito yanga ndi yothandiza anthu aulesi.

Pakhomo pathu panali mwambo womwe anauyambitsa okha. Mwana akamakwatiwa, khadi loitanira anthu ankalilemba iwo ndi dzanja, limodzi lokha, pa pepala lolimba, kenako n'kukalichulukitsa pa makina. Achemwali anga aakulu analandira lawo. Ine ndinalandira langa. Ndiye mng'ono wathu, mzime, yemwe anabadwa ife titakula kale, ankangodikira tsiku lake. Mwamuna anamupeza, wa ku Sharpevale, wa kubanja lolima mpunga, mnyamata waulemu woti akamakupatsa moni mpaka umachita manyazi ndiwe. Chinkhoswe chinachitika bwinobwino. Koma chaka chomwecho abambo anagwa ndi sitiroko ali m'munda wa kachewere. Mawu anabwerera pang'onopang'ono, mwendo unayamba kukoka, koma dzanja lamanja linangoti lende. Peni ija anaitsekera m'kabati ndipo sankafuna n'komwe kuti munthu aitchule.

Mng'ono wangayo anabwera kushopu m'mawa wina, n'kukhala pa benchi ya makasitomala, nkhope ili ndwii. Ndinamuonetsa makhadi okongola a maluwa, a nkhunda, a mphete ziwiri zolowana. Sanayang'ane n'komwe.

"Achemwali, inu awiri muli ndi dzanja la abambo. Ine ndiye ndikhale wa makina? Kodi ine anachita kunditola?"

Ndinamukalipira kuti asalankhule zachibwana, koma mumtima ndinadziwa kuti akunena zoona. Ndiye pakamwa pangapa, pomwe sipadziwa kudikira mutu, panangoti, "Ndikupangira. Nditenga khadi langa lija, ndichotsa maina athu, ndiikapo anu, m'dzanja la abambo lomwelo." Anadumpha n'kundikumbatira mpaka tinagwetsa mulu wa mapepala. Ine ndili m'manja mwakemo ndi pomwe ndinayamba kudzifunsa kuti kodi ndalonjeza chiyani.

Kuwabera dzanja abambo mwamseri sitikanayerekeza. Loweruka tinakwera minibasi kupita ku Lizulu kukawapempha. Tinawapeza pakhonde, dzanja lodwala lija ataliika pamwendo. Ndinagwada n'kufotokoza zonse. Anandiyang'ana, kenako mbali ya pakamwa yomwe inali yamoyo inayamba kugwedera.

"Iwe?" anatero mwapang'onopang'ono. "Iwe wa nkhuku uja?"

"Si ine ndilembe, abambo. Ndi kompyuta."

"Chitsulo chilembe ngati ine?" Anapukusa mutu. "Chabwino. Kapange. Ukatha ubweretse ndichonge. Ndikaloza chilembo n'kunena kuti ichi si changa, ndipo chikhaledi kuti si changa, khadilo silituluka. Dzina langa silikhala pansi pa zonyansa."

Mng'ono wanga anandigwira mkono mwamphamvu. Amayi, omwe ankasenda nandolo chapatali, anangoti, "Mwaziyamba nokha," koma anadzuka n'kukatsegula sutikesi. Khadi la achemwali aakulu linadyedwa ndi chiswe kalekale. Makalata ena a abambo anali olembedwa ndi bolopeni, yomwe mzere wake ndi umodzimodzi pokwera ndi potsika. Chotsala chinali khadi langa lokha, lomwe amayi analisunga pakati pa nsalu zawo zatsopano. Linali litachita chikasu pang'ono m'mphepete, inki ya buluu ija itazirala. Pamwamba panali mawu akuti banja lathu likuitana abale ndi abwenzi ku ukwati woyera wa mwana wathu, kenako dzina langa, la amuna anga, malo ndi tsiku.

Lolemba ndinaliika pa sikana, makina ojambulira pepala kuti lilowe mu kompyuta. Sindinalijambule ngati fotokope ya zakuda ndi zoyera, chifukwa imeneyo imapha zonse: pomwe inki inadikha ndi pomwe inadutsa mothamanga pamaoneka chimodzimodzi. Ndinalijambula ndi mitundu yake, mokulitsa kwambiri, moti chilembo chimodzi chinkadzaza sikirini yonse mpaka timaulusi ta pepala kuoneka. Chithunzi choyambacho ndinachisunga padera osachikhudza. Pamwamba pake ndinayala maleya, omwe ali ngati mapepala a pulasitiki oonekera osanjikizana: ukalemba pa limodzi, za pansi sizionongeka, ndipo ukhoza kulizimitsa n'kuliyatsanso. Pa leya imodzi ndinafufuta maina akale, malo ndi tsiku, potapa pepala loyera la pambali pomwepo n'kumata pamwamba, pang'onopang'ono, kuti pasaoneke chigamba. Kufufuta dzina langa lomwe kunandisangalatsa modabwitsa. Ndinaitana mayi wogulitsa mandasi pakhomo kuti adzaone mmene ndikudzichotsera pa ukwati wanga womwe. Anaseka mpaka kugwira m'nthiti, amvekere, "Amuna anu akudziwa?"

Tsopano zilembo zatsopano. Ndinati apa n'zosavuta. Chilembo chilichonse chomwe chinalipo kale pakhadipo ndinkangochidula n'kukachiika pomwe chikufunika. Dzina la mng'ono wanga lili ndi chilembo cha a kangapo, ndiye ndinasankha a wokongola kuposa onse n'kumubwereza. S wamkulu wa Sharpevale panalibe, ndiye ndinatenga s wamng'ono n'kumukulitsa. Dzuwa lisanapendeke ndinali nditamaliza. Ndinapulinta, ndinayang'ana, ndinavina ndekha m'shopu. Ndinaimbira mng'ono wanga kuti ayambe kugula maenivelopu.

Ku Lizulu abambo analandira pepalalo n'kunena mawu omwe amayi anali asanawamve chidwalireni abambowo: "Ndipatseni magalasi." Kenako anati, "Ndi bolopeni yofiira." Amayi anathamanga ngati mtsikana. Abambo anagwira bolopeniyo ndi dzanja lamanzere, movutikira, n'kuyamba kuzunguliza. Mizere yake inali yonjenjemera, koma inkagwera penipeni.

"Mapasa," anatero. "Awa mapasa. Ndi awanso. Kamchira kofanana, kachipsera kofanana. Kodi ine ndi chidindo?" Anasunthira pa S uja n'kuima. "Nanga uyu wadya chiyani?"

Zinali zoona. Ukakulitsa chilembo umakulitsanso mzere wake, ndiye S wanga anali wonenepa ngati walembedwa ndi chala, pakati pa anzake a nibu. Ine ndinapsa mtima ndi manyazi, mng'ono wanga misozi ili lengelenge, koma abambo ankaseka, kuseka kwa mbali imodzi, mapewa akugwedera. Amayi anandikokera kukhitchini n'kundinong'oneza kuti, "Ukalakwitsenso, mwana wanga. Taona, lero adya."

Kulakwitsa dala sindikanatha, koma kulakwitsa kwenikweni ndinakwanitsa bwino lomwe. Ulendo wachiwiri ndinati ndijambula zilembo zosowazo ndekha ndi mausi, kachida kaja timakhwekhwereza patebulo. Koma mausi samva kuti wakanikiza kapena wapepuza. Mzere wake umatuluka wofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati waya. Ndinayesa kunenepetsa potsika pochita kupaka pambali, n'kusenga pokwera ndi chofufutira. Komanso zilembozo ndinazijambula zoimirira, poti ndi mmene zinkaphwekera, kenako n'kuuza kompyuta kuti izipendeketse. Pa sikirini zinkaoneka zaulemu ndithu. Ndinayambiranso kudzitama. Ndinauza a kabaza omwe amabisala mvula pakhonde langa kuti Loweruka akamve kuti mphunzitsi wagonja.

Mphunzitsi sanagonje. Ulendo uno anali atakonzekeratu: atavala jekete, tebulo laling'ono lili patsogolo, rula ili pomwepo. Anayang'ana O wamkulu yemwe ndinajambula n'kunena kuti waphwanyika ngati dzira lopondedwa. Kompyuta ikapendeketsa chilembo chozungulira imachikoka chonse, ndiye kunenepa kumasunthira pomwe nibu sikadafika. Kenako anaika rula pansi pa mzere wa dzina. Ha! Mizere ya abambo inkakwera pang'ono popita kumanja, poti analemba pa pepala lopanda mizere. Ine maina atsopano ndinawakhazika pa mzere wowongoka wa kompyuta, ndiye dzina la mkwati linayamba lili pamodzi ndi anzake n'kumaliza litamira.

"Mkamwini wanga akutsetsereka," anatero abambo. "Akubwerera kwawo kuchigwa asanakwatire n'komwe."

Amayi anaseka mpaka kukhala pansi. Ine sindinaseke. Masiku anali atayandikira, a komiti ya ukwati ankaimba foni tsiku ndi tsiku kufunsa makhadi, ndipo mng'ono wanga anali atayamba kunena ndi mawu ozizira kuti basi tingotaipa, palibe kanthu. Mawu akuti palibe kanthu amenewo ndi omwe anandipweteka kuposa bolopeni yofiira. Ndinawayankha abambo mokweza, zomwe sindinachitepo chibadwire.

"Ndiye mundiuze inuyo! Kuchonga kokha aliyense akhoza!"

Amayi anagwira pakamwa. Ine ndinayamba kale kufunafuna mawu opepesera. Abambo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anatembenukira kwa amayi.

"Tsegulani kabati. Bweretsani peni."

Inki ya m'botolo inali itauma gwa. Mng'ono wanga anazungulira magolosale onse a pamsika osaipeza, mpaka tinachita kuitanitsa kwa munthu wochokera ku Lilongwe. Peniyo tinaiviika m'madzi ofunda mpaka inayamba kutulutsa. Ndiye ine, mayi wa ana, mwini shopu, ndinabwerera sitandade folo. Shopu ndinkasiyira amuna anga masana, ine pa minibasi, kukakhala patebulo laling'ono lija.

Nzeru ina ndinabwera nayo ndine. Pa kompyuta ndinajambula mizere yotsatira misana ya zilembo zawo zazitali, l, h ndi k, kuti ndipeze kupendekeka kwake kwenikweni, ndi mizere ina yotsatira pomwe zilembo zimaponda, ndi kukwera kwake komwe. Mizereyo ndinaipulinta yakuda bii pa msinkhu weniweni wa khadilo, n'kumaiika pansi pa pepala lolembapo kuti izionekera. Abambo anaiyang'ana mokayika, n'kuiyeza ndi rula, kenako anati, "Hmm." Kwa abambo anga hmm ndi mphatso yaikulu, ndipo ndinapita nayo kunyumba ndikumwetulira ngati wopenga.

Zotsalazo zinali zawo. "Pendeketsa pepala, osati dzanja. Chigongono patebulo. Potsika kanikiza. Pokwera ulemu, ulemu, ingokhudza. Iwe! Ukulima kapena ukulemba?" Nibu ija ukaikanikiza timilomo take tiwiri timatseguka, inki n'kutuluka yambiri. Ukapepuza timatsekeka. Ukakanikiza pokwera imakola pepala n'kumwaza timadontho. Ndinamwaza timadontho pa nsalu ya patebulo, pa bulauzi yanga, ngakhale pa mphaka. Ndinadzaza mapepala ndi S yekhayekha mpaka ndinkamuona pa mitengo ya m'mbali mwa msewu. Abambo ankachonga, ambiri n'kuwapha, mmodzimmodzi n'kumuika kachizindikiro pambali. Mawu awo ankamveka bwino tsiku ndi tsiku, makamaka pokalipa. Anthu odutsa pamsewu ankaima n'kufunsa amayi ngati aphunzitsi atsegulanso sukulu.

Zilembo zomwe zinapulumuka ndinazijambula pa sikana yomweyo, mofanana ndendende ndi mmene ndinajambulira khadi, kuti kunenepa kwa mizere kugwirizane popanda kukulitsa kapena kuchepetsa. Ndinauza kompyuta kuti choyera cha pepala latsopano chisaoneke, patsale inki yokha, kuti timaulusi ta pepala lakale tizionekera pansi pake. Inki yatsopano inali yowala kwambiri, ndiye ndinaiziralitsa mpaka inafanana ndi yakale, ndipo m'mphepete mwa mizere ndinafewetsa pang'ono poti inki yakale inali italowerera. Pomwe chilembo chenicheni cha abambo chinalipo ndinkagwiritsa ntchito chomwecho, koma a aliyense wochokera pa mawu ake, pasakhalenso mapasa. Timizere tolumikiza chilembo ndi chinzake ndi tomwe tinandidyera nthawi. Ndinkakulitsa mpaka maso kuwawa, kenako n'kuchepetsa n'kuima pakhomo kuyang'ana chapatali.

Panali malo amodzi omwe ankandisowetsa mtendere. Mawu akuti wathu, aja otsogolera dzina, abambo anawalemba mokanikiza kwambiri. W anali bwinobwino, koma pofika pa t ndi h nibu inatseguka mpaka pakati pa mzere panatsala kanjira koyera, ndipo pansi pa u inki inadikha. Dzina langa, lomwe ndinafufuta, linalinso lotero, lonenepa kuposa china chilichonse pakhadipo. Ndinaganiza kuti tsiku limenelo kaulusi kanakola pa nibu. Chala chinkandiyabwa kuti ndisenge wathu ameneyo afanane ndi anzake, koma ndinadziletsa, poti lamulo langa linali loti za abambo sindikhudza. Dzina la mng'ono wanga ndinaliyeza ndi khadi lonse, osati ndi mawu olakwikawo, ndipo linatuluka loyera, lopepuka, lokongola moti ndinalipsompsona pa sikirini.

Mayeso omaliza anagwera tsiku lomwe abambo ankabwera kuchipatala cha pa boma kudzaongoletsa dzanja. Atatuluka kumeneko anakana kubwerera kudepoti. Anati akufuna akaone chitsulo chomwe chikulimbana nawocho. Aka kanali koyamba kuponda m'shopu mwanga. Ndinapukuta mpando kawiri. Amayi anakhala pa benchi, mng'ono wanga anaima pakhomo atagwira chitseko ngati akufuna kuthawa. Mayi wa mandasi anasiya beseni lake, a kabaza awiri anasuzumira pawindo. Ine kuseka kunkangondibwera, sindikudziwa chifukwa chake.

Ndinawapatsa khadi lopulinta pa pepala lolimba. Anavala magalasi. Anatulutsa bolopeni yofiira m'thumba la jekete, anali atabwera nayo yawo. Anayamba pamwamba, mlomo ukuyenda. Anafika pa Sharpevale, anaima pa S, ine mtima unaima nawo. Anadutsa. Anafika pa dzina la mkwati, anaika rula, anachotsa. Anabwerera pa dzina la mng'ono wanga, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu ngati munthu wokumana ndi mnzake wakale. Kenako nkhope yawo inawala.

"Ndakugwira!"

Bolopeni inatsika n'kuzunguliza, monjenjemera koma mosangalala.

"Apa. Wathu. Taona t uyu, taona h. Wakanikiza ngati ukukumba kachewere. Ndinakuuza chiyani ine? Mphunzitsi salemba chonchi. Ichi si changa!"

Mng'ono wanga anatulutsa kamawu ngati wapondedwa. Iye sankadziwa kuti zatsopano ndi ziti, zakale ndi ziti. Ine ndinayesa kudzigwira, ndithu ndinayesa, koma kuseka kunaphulika. Ndinaseka mpaka kugwada pansi, misozi ili mbwee, ndikumenya tebulo. Amayi amvekere, "Iwe, wapenga? Ukuseka abambo ako?"

"Abambo, tayang'anani kuno," ndinatero nditapeza mpweya. Ndinatembenuzira sikirini kwa iwo. "Zonse zomwe ndaika ine zili pa leya iyi. Ndikaizimitsa zichoka. Zomwe zitsale ndi zanu."

Ndinadina. Dzina la mng'ono wanga linazimirira, la mkwati linazimirira, Sharpevale ndi tsiku zinazimirira. Wathu anatsala pomwepo, ndi t wake wonenepa, ali yekha kutsogolo kwa malo opanda kanthu.

A kabaza anakuwa pawindo. Mayi wa mandasi analuluta. Mng'ono wanga atamvetsa anayamba kudumphadumpha akukuwa kuti, "Latuluka! Khadi latuluka!" Ine ndinayatsa n'kuzimitsa, kuyatsa n'kuzimitsa, ngati mwana wapeza switchi, maina akubwera n'kumapita.

Abambo sanaseke. Anasendera pafupi ndi sikirini mpaka magalasi kutsala pang'ono kugunda.

"Chotsanso chomwe waphimbira," anatero. "Ndione mmene linalili."

Ndinazimitsa leya ya zigamba ija. Khadi lakale linabwerera lonse, ndipo pambuyo pa wathu panatulukira dzina langa, lalikulu pa sikirini, mizere yake yotsika yonenepa, nibu itatseguka pa chilembo chilichonse, inki itadikha pansi pake. Phokoso linayamba kuchepa. Amayi anadzuka pa benchi n'kudzaima kumbuyo kwa mpando wa abambo.

"Mwaiwala, bambo?" anatero. "Tsiku limene lija munalemba bwinobwino mpaka pamenepo. Mutafika pa dzina la mwanayu munaika peni pansi n'kutuluka, ati mukukaona mbuzi. Mbuzi zake ziti, zili kubusa? Munabwerako maso ali psuu, n'kumalizitsa mukupuma ngati mwasenza thumba. Ndinakuuzani kuti mulembenso lina, munakana."

Ine zimenezi sindinkazidziwa. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti mwa ana atatu ine ndi amene kuchoka kwanga pakhomo sikunawavute, mwana wa nkhuku yopalasa, yemwe anamulephera sitandade folo. Ndipo dzina limenelo ndinakhala nalo pa sikirini masabata onsewa, ndikulitcha kaulusi pa nibu. Mayi wa mandasi anatola beseni lake mwakachetechete, a kabaza anachoka pawindo.

Abambo anachotsa magalasi n'kuwapukuta pa jekete nthawi yaitali. Kenako anati, "Yatsa zakozo." Ndinayatsa. Dzina la mng'ono wanga linabwerera, loyera, lopepuka.

"Pangano ndi pangano," anatero. "Ndaloza changa chomwe. Khadi lituluke." Mng'ono wanga anayamba kuwomba m'manja, koma abambo anakweza chala. "Koma dzinali ndi lolakwika. Lalembedwa ndi munthu yemwe sakumva kanthu. Achemwali ake ndinawalemba movutika onse awiri. Uyu ndiye mzime, akachoka pakhomo patsala ine ndi amayi akewa. Ndiye dzina lake lipepuke chonchi? Adzati abambo sanandilire."

"Ndikhoza kulinenepetsa pa kompyuta pomwepa, abambo."

"Ayi. Peni uli nayo?"

Inali m'chikwama changa. Ndinasuntha kiyibodi, ndinayala pepala la mizere lija, lina pamwamba pake, n'kulipendeketsa mmene anandiphunzitsira. Anakokera mpando pafupi. Nditagwira peni, anaika dzanja lawo lamanzere pamwamba pa langa. Linali lofunda ndiponso lolemera kuposa mmene ndinkaganizira.

"Iwe yendetsa," anatero. "Kukanikiza ndikanikiza ine."

Tinayamba chilembo choyamba. Pokwera dzanja lawo linkapepuka, potsika linkanditsindika mpaka nibu kutseguka. Pa chilembo chachitatu linakanikiza kwambiri, inki inadikha, ndipo ine ndinafuna kuima kuti titenge pepala lina. Anati, "Pitiriza." Mng'ono wanga anali atagwada pambali pa tebulo, chibwano chili pamphepete, akuwerenga dzina lake likutuluka, misozi ikugwera pa matailosi.

Inki itauma ndinaika pepalalo pa sikana. Mtundu wa inki ndinauziralitsa kuti ufanane ndi wakale, dzinalo ndinalikhazika pa mzere wake wokwera uja, pambuyo pa wathu. Kunenepa kwa mizere sindinakhudze. Makhadi tinapulinta madzulo omwewo, ndipo loyamba kutuluka mng'ono wanga analitenga likadali lofunda n'kukalipereka kwa abambo ndi manja awiri. Analiyang'ana, anatsegula bolopeni yofiira ija, n'kuchonga pakona.